Diso Lakumanzere la Madamu

Uthengawo unam'peza Madamu ali yekha m'chipinda cha sayansi, akutsuka timabotolo timene ana asukulu anatisiya mbwee pasinki. Anapukuta manja pagauni yake yoyera n'kutulutsa foni. Nambala inali yakunja, mawu ochepa: "Ndine Loya. Ndikubwera kwathu ikatha miyezi itatu. Tidzamwe tiyi, ndidzaone ngati nsidze zija zikadalipo."

Loya sanali loya. Dzinalo anam'patsa anzake ku koleji chifukwa mkuluyo ankatha kutsutsana ngakhale ndi chikwangwani cha pamsewu. Anakwera ndege kupita ku maphunziro a chaka chimodzi, ndipo chaka chimodzicho chinabala ana ndi zidzukulu mpaka kupyola makumi atatu. M'nyengo yonseyo Madamu anakwatiwa, anabereka, anaika mwamuna wake m'manda, ndipo anaphunzitsa theka la mzinda kuti asidi salawa ndi lilime. Za Loya ankangozimva m'mphepo.

Nsidze zimene ankanena mkuluyo sizinali zam'mwamba zija atsikana amameta n'kujambulanso ndi pensulo ayi. Ankanena za m'mphepete mwa zikope, zimene zimaphethira limodzi ndi diso. Pa utsikana wake Madamu anali nazo zazitali moti zinkakhula magalasi otetezera maso akamachita zoyesayesa, ndipo Loya ankakonda kunena kuti tsiku lina adzakolekapo jekete. Madamu anadziyang'ana pachitseko cha galasi cha kabati ya mankhwala. Zinalipo ndithu, monga mmene udzu umakhalirapo pabwalo la mpira pafupi ndi golo.

Anayankha kuti, "Tidzaonana." Kenaka anamaliza kutsuka timabotolo tija, akudzinyoza kuti mayi wa zaka zake sangataye tulo chifukwa cha tsitsi la m'zikope. Loweruka lake anali kale ku saluni ya mlamu wake.

Mlamuyu anali mkazi wa mchimwene wake wamng'ono, mayi wa mawu okwera ndi zikhadabo zofiira, amene ankaseka kaye asanamve nkhani yonse. Saluni yake inali m'nyumba imene kale inali sitolo ya mabuku. Mashelefu anali omwe aja, koma pamene pankakhala ndakatulo panali mawigi, pamene pankakhala mabuku a mbiri yakale panali mafuta owongolera tsitsi. Mzindawu unasiya kuwerenga kalekale, koma kudziyang'ana pagalasi sunasiye.

"Alamu lero mwasochera?" anatero mwini saluni. "Inu amene mumameta kwa abambo, pamodzi ndi ana a pulayimale?"

Madamu anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Ndikufuna za nsidze."

"Ndani ameneyo?"

"Palibe munthu. Ndangofuna."

"Eya, nanenso ndinakwatiwa ndi achimwene anu chifukwa chongofuna. Khalani apa."

Anamukhazika pampando wautali, n'kumuyatsira nyale kumaso, akumutembenuza chibwano ngati wogula mbuzi.

"Njira zilipo zitatu. Yoyamba ndi seramu." Anatulutsa kabotolo kowonda ngati cholembera, kokhala ndi kaburashi m'chivindikiro. "Mumasamba kumaso, n'kulemba kamzere kamodzi m'mphepete mwa chikope cham'mwamba, kamodzi patsiku pokagona. Nsidze zimakula zanu zomwe. Koma n'zofuna kudekha, miyezi iwiri musanaone kanthu kolozeka, ndipo mukasiya zimabwerera mwakale. Yachiwiri ndi lifiti. Ndimagoneka nsidze zanu pakamphira, ndimapaka mankhwala ofewetsa, kenaka ena olimbitsa, zimapindikira m'mwamba n'kukhala choncho mwezi ndi theka kapena iwiri. Zimaoneka zazitali, koma musanamizidwe, sindiwonjezerapo ngakhale tsitsi limodzi."

"Ndiye kuti ndi pemu ya m'maso."

"Mwakhoza, landirani mphoto. Yachitatu ndi malashi, nsidze zomata. Alipo a mzere umodzi, omata m'mawa n'kumatula madzulo. Alipo ena ndimamata limodzilimodzi pa nsidze zanu, inu muli chigonere maola awiri maso ali tsinzinu, ndipo pakapita masabata angapo mumabweranso kudzatseka mipata. Amenewo ndi amene atsikana akupha nawo amuna a eni."

Madamu anayang'ana mtsikana wina amene ankatuluka pakhomo, nsidze zikukupiza ngati mapiko a khwangwala.

"Zobwereka ayi," anatero. "Ndipatseni kabotoloko. Ndikufuna zanga."

"Tengani. Koma mverani: ena kamawayabwa. Mukaona diso likufiira, musiye pompo. Ndipo kamodzi patsiku, alamu, si mafuta ophikira."

Kunyumba Madamu anavala magalasi owerengera n'kuyesa kuwerenga timalemba ta pakabotolo, mayina ataliatali olembedwa ngati mapazi a nyerere. Pamenepo ndi pamene uphunzitsi unamulowa m'mutu. Chaka chilichonse ankauza ana kuti chinthu sungachidziwe ngati chikugwira ntchito popanda chofananitsira nacho. Ankawadzalitsa nyemba m'zitini ziwiri, china pawindo, china m'kabati. Nanga iye, amene wakhala akulalikira zimenezi moyo wake wonse, akanapaka bwanji maso onse awiri ngati munthu wamba? Anasankha lakumanzere kuti lilandire mankhwala. Lakumanja likhale mboni. Zikaoneka kuti n'zoona, lidzatsatira.

Mwezi woyamba unatha, mboni ndi woimbidwa mlandu akufanana ngati mapasa. Madamu anaganiza kuti mlamu wake wamugulitsa madzi a pampopi. Anayamba kupaka kawiri, m'mawa ndi madzulo, mothithikiza, mpaka ndi chikope cham'munsi chomwe. Lakumanja sanalikhudze, poti umboni unali usanapezeke. Kenaka inafika nyengo ya mayeso. Milu ya mapepala inamukwirira, ankapaka ndi dzanja limodzi, lina likuchonga, ndipo pagalasi ankangodutsa ngati pakhomo pa munthu amene unayambana naye.

Anamudzutsa ndi mphunzitsi wa masamu, m'chipinda cha aphunzitsi, nthawi ya tiyi.

"Madamu, ngati muli nane mawu ingonenani. Mwanditsinzinira diso kuyambira Lolemba."

Anathamangira kuchimbudzi cha aphunzitsi aakazi, n'kuima pagalasi long'aluka lija. Mayo ine. Diso lakumanzere linali litabwerera ku koleji: nsidze zazitali, zakuda bii, zothithikana. Lakumanja linali pamene analisiya, likudikira penshoni. Koma chikomekome cha mkuyu. Lakumanzerelo linali lofiira ngati la munthu wogona kumowa, linkayabwa ngati mwalowa mchenga, ndipo chikope chake chinali chitada ngati wina anachidyetsa chibakera. Kuyabwako anali atakumva kwa masabata, koma ankanamizira fumbi la choko.

Madzulo ake anayamba kupaka lakumanja, mwaphuma, ngati mwana wowerenga m'mawa wa mayeso. Sanapake masiku ambiri, foni inaliranso. Loya anali atafika. Anati akumane Loweruka la sabata yamawa, masana, pakhonde la hotela yakale ija ya pafupi ndi positi.

Madamu analowa mu saluni atavala magalasi akuda, kunja kuli mitambo. Atawavula, mlamu wake anayamba wakhala chete, zimene sizinachitikepo chikwatiwire. Kenaka anagwira pamimba, anakhala pampando wa kasitomala, anaseka mpaka misozi inasungunula zopaka zake.

"Alamu! Mwapaka diso limodzi?"

"Ndimafuna kuona ngati zikugwira ntchito."

"Ndiye mwaona! Zikugwira! Atsikana, bwerani mudzaone sukulu!"

"Sekani mumalize, kenaka mundikonze. Ndikufuna lifiti. Lakumanjali mulipinde lifanane ndi linzake."

Mlamu anapukuta misozi, anayatsa nyale ija, n'kuyang'ana mofatsa. Kuseka kunatha.

"Munapaka kangati patsiku?"

"Kawiri."

"Ndi pansi pomwe. Ndikuona, mpaka apa pada. Ndinati chiyani ine za kufiira?"

"Munanena."

"Chabwino, tisakumbe manda. Koma lifiti iwalani. Choyamba, ndipinda chiyani? Tinsidze iti tikapindika tidzangokhala tatifupi topindika, sitingafike pa zinzakezi. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, alamu. Chachiwiri, mankhwala a lifiti mukuwadziwa kuposa ine. Inu mungawayandikize pankhope pamene diso lina lili chonchi, linzakeli nalo mwayamba kale kulithira zinthu?"

Madamu ankawadziwadi. Anali a banja limodzi ndi aja amaphwanya tsitsi la m'mutu kuti ligonje. Akanapeza mwana akusewera nawo pafupi ndi diso, akanamutulutsa m'kalasi ndi khutu.

"Nanga omata limodzilimodzi aja?"

"Guluu wake ndi waukali, amatulutsa mpweya wolasa m'maso ngakhale mwa munthu wabwinobwino. Ena zikope zimatupa mawa lake ngati alumidwa ndi njuchi. Inu mugone apa maola awiri ndi diso lodwala? Mukatupa, achimwene anu andithamangitsa, ine ndikalowera kuti ndi mawigi onsewa?"

Mayi woluka tsitsi, amene ankamvetsera ali ndi singano pakamwa, anailavulira m'manja. "Koma ine ndimangomata ndi guluu wa tsitsi, wakuda uja. Sabata yathunthu osasuntha, ngakhale mvula."

"Iwe!" anakuwa mlamu ndi Madamu nthawi imodzi.

"Wa mawigi uja ndi wa m'mutu," anapitiriza mlamu. "Pomatula amazula ndi nsidze zako zomwe. Ukufuna ukhale ngati nkhuku yososola? Ndikadzakuona ukumata kasitomala wanga ndi ameneyo, udzalukira pansi pa mtengo."

Wolukayo anabwezera singano pakamwa.

Madamu anayang'ana foni yake. Kunali kosavuta kulemba uthenga kuti wadwala, kapena kuti sukulu yamutuma kwina. Koma munthu amene chaka chimodzi chimamutengera zaka makumi atatu sumuuza kuti tidzaonana ulendo wina. Ankafuna kupita. Ankafuna mkuluyo amuyang'ane monga ankamuyang'anira kale, kamodzi kokha, asakuseka ndiponso asakumumvera chisoni. Zinali zopusa, ankadziwa. Kudziwako sikunachotse kanthu.

"Ndi Loya," anatero chapansipansi.

"Uja wa pachithunzi cha m'bokosi la nsapato? Wa tsitsi ngati chisa?" Mlamu anawomba m'manja. "Ndiye bwanji osanena! Tamverani. Mawa mupite kwa dokotala wa maso, ine si dokotala. Akakati lakumanjali lili bwino, tidzamata lashi ya mzere umodzi, mbali imodzi yokhayo, ya maola ochepa. Bweretsani khutu."

Anamudontheza kadontho ka guluu wa malashi kuseri kwa khutu. "Ameneyu alibe mphira umene umayabwa anthu ambiri, komabe tiyese kaye. Musapasambe. Pakayabwa kapena kutupa pofika mkuja, ndiye kuti basi, mudzapita ndi nkhope imene Mulungu ndi sayansi anakupatsani."

Dokotala wa maso anali mtsikana woti akanatha kukhala mwana wake, ndipo anayesetsa kuti asamwetulire. Anayang'ana ndi makina ake, n'kunena kuti m'kati mwa diso munalibe bala. Seramu asiye maso onse awiri. Anamulembera madontho oziziritsa, anati aziikapo kansalu konyowa ndi madzi ozizira, asatikite, ndipo lakumanzere asalipake chilichonse chodzikongoletsera. Kufiira kukanatha m'masiku ochepa. Kuda kwa chikope kunali kochedwerapo, mwina miyezi.

"Nanga nsidzezi?"

"Zidzathothoka pang'onopang'ono monga zimachitira nsidze zonse, zomera m'malo mwake zidzakhala zanu zakale. Maso anu adzafanananso, mayi, musadandaule."

"Pofika Loweruka?"

Apa dokotala analephera kudzigwira.

Kuseri kwa khutu sikunayabwe. Loweruka m'mawa lakumanzere linali litayera, kungotsala kufiirira pang'ono m'ngodya. Mlamu anatulutsa lashi m'kabokosi, anaiyeza pachikope, anaidula kumapeto ndi kalumo, n'kuiphungulako ndi utali womwe kuti isapose inzake yeniyeni. Anapaka guluu wochepa m'mphepete mwake, anadikira kuti ayambe kunanda, kenaka anaikhazika pakhungu, pamwamba penipeni pa nsidze za Madamu. Pomaliza anatenga kaburashi n'kudetsa pang'ono chikope chakumanja.

"Taonani zimene mwandichititsa. Ndikudetsa lamoyo kuti lifanane ndi lodwala."

Madamu anayang'ana pagalasi. Sanali mtsikana wa ku koleji ayi. Koma anali mayi amene mtsikana uja akanakondwa kudzakhala.

"Musatikite, musalire," anatero mlamu akumuperekeza pakhomo. "Akakufunsirani, muyankhe ndi mutu."

Khonde la hotela linali lomwe lija, kungoti mipando ya nsungwi anaichotsa n'kuikapo ya pulasitiki yolembedwa dzina la chakumwa. Loya anali atafika kale. Tsitsi la chisa lija linali litapita lonse, thupi litaphwa, koma kakhalidwe kanali komweko, mwendo pamwamba pa unzake ngati akudikira kuti woweruza alakwitse. Anali atavala magalasi abulauni obisa maso. Madamu anatulukira cham'mbali, anaima pafupi ndithu, koma mkuluyo sanatembenuke mpaka iye atatsokomola.

"Aa! Madamu!" Anaimirira mwaphuma, chigongono chinagunda mbale ya shuga, shuga anamwazika patebulo. Anagwirana chanza nthawi yaitali. Madamu anakhala pampando wa kudzanja lake lamanja, atasankha dala kuti kuwala kumugwere bwino.

Ndiye Loya anayamba. Kodi anthu inu mwautani mzinda? Nyumba ya kanema ija yasanduka tchalitchi, ndipo ngakhale tchalitchicho chikuonetsa zinthu zosamveka kuposa mafilimu akale. Mitengo ya mumsewu waukulu anaidula ndani, ndipo anamangidwa? Wafunsa ana atatu kumene kuli laibulale, awiri anamulozera kogulitsa mafoni. Tiyi uyu ndi tiyi kapena ndi madzi amene anangomva mbiri ya tiyi? Kunja kuja nakonso n'kwachabe, anthu ake amamwetulira ndi mano okha, koma bola kumeneko munthu umadziwa kuti ndiwe mlendo. Kuno akumutchula kuti bwana, akumulankhula Chingerezi, pamsewu umene anabadwira.

Ankalankhula nkhope italoza kumsewu. Madamu anaphethira. Anaphethiranso, mochedwetsa, monga ankachitira kale. Anatsamira chibwano padzanja. Mkuluyo anali pa nkhani ya ngalande za madzi.

Kunja kunkatentha, ndipo fani ya pakhondepo inali yongokongoletsa. Thukuta linayamba kutsika pamphumi. Madamu anamva ngodya ya lashi, cha kumphuno, ikunyamuka pang'onopang'ono. Inayamba kumubaya akaphethira. Diso linadzaza misozi, misozi inalowa pansi pa guluu, ndipo anadziwa kuti chinthucho chikulendewera tsopano ngati chitseko cha hinji imodzi. Miyezi itatu. Diso lofiira, dokotala womuseka, mphunzitsi wa masamu woyesa kuti akumufuna. Zonsezo chifukwa cha munthu amene anawoloka nyanja kudzakalipira ngalande.

Anagwira ngodya ija ndi zala ziwiri, anaimatula pang'onopang'ono, n'kuiika pasosala ya Loya, pambali pa supuni.

"Nazo nsidze munabwererazo. Muzione bwinobwino, poti mwini wake mulibe naye nthawi."

Loya anadukiza mawu pakati. Anaweramitsa mutu, akuusuntha uku ndi uku ngati nkhuku yofuna njere, mpaka anachipeza. Anachitola, anachiyandikiza kumaso.

"N'chiyani ichi?"

"Theka la kukongola kwanga. Theka linalo lili kuno, ndi langalanga, koma landidwalitsa."

Ndipo poti madzi akatayika saoleka, anamufotokozera zonse: kabotolo, diso la mankhwala ndi diso la mboni, kupaka kawiri, mlamu wake atakhala pansi ndi kuseka. Loya anamvetsera osamudula, chimene chinali chachilendo kuposa dazi lakelo. Mapewa ake anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka kutsokomola, woperekera zakudya anasuzumira.

"Diso limodzi! Mayi inu simunasinthe. Anthu onse m'dziko muno asintha kupatula inu."

"Sekani. Ndazolowera."

"Sindikuseka inu." Anazunguza kapu pasosala. Kenaka anakweza manja onse awiri n'kuvula magalasi aja, natembenuza mpando wonse kuti amuyang'ane.

Madamu anatsegula pakamwa.

Munthuyo anali ndi nsidze ngati za ng'ombe yamkaka. Zazitali, zakuda, zothithikana, zopindika zokha, pamwamba ndi pansi, maso onse awiri. Pankhope ya nkhalamba yadazi zinkaoneka ngati zabedwa kwa mkwatibwi. Zikope zake zinali zakuda ngati chake chakumanzere, maso olowa m'kati pang'ono, ofiirira.

"Mumapita ku saluni iti?" anafunsa Madamu.

"Ku chipatala. Ndi madontho a m'maso, tsiku ndi tsiku, chaka chachisanu ndi chiwiri tsopano. Ndili ndi matenda aja madzi a m'diso amapanikiza mtsempha woonera. Madonthowo amatsitsa kupanikizako, nsidzezi ndi basera chabe. Dokotala wanga anandiuza kuti a zodzoladzola ataona odwala ngati ife tikumera chonchi, anatenga abale ake a mankhwala omwewa n'kumawaika m'timabotolo tina mwa timeneto. Ndiye mwina ine ndi inu takhala tikumwera chitsime chimodzi. Kusiyana kwake, inu akuuzani kuti musiye. Ine ndikasiya, magetsi azima."

Ananena mopepuka, ngati akunena za ngalande zija.

"Mukuona bwanji panopa?"

"Ngati munthu wosuzumira m'paipi. Chapakati chili mbee. Zam'mbali zinapita, ndipo sizibwerera." Analoza shuga womwazika uja. "Ameneyu ndi wachitatu kumumwaza sabata ino. Mutakhala apo, ine ndimangomva mawu ndi perefyumu. Ndimaopa kutembenuka, mungaone kuti ndikukusakani ndi mutu ngati kamba. Ndipo ndikanavula magalasi, mukanati Loya anapita kunja kukaphunzira kudziphoda."

"Ndikanatero ndithu."

"Mwaona."

Madamu anafuna kunena mawu achisoni, koma anaona pankhope ya mkuluyo kuti achisoni anamukwana kale kumene anachokera. Anayang'ananso nsidze zija, mpaka kaduka kenikeni kanamugwira.

"Mulungu alibe chilungamo," anatero. "Ine miyezi itatu, diso limodzi. Inu osapempha n'komwe, onse awiri, mpaka pansi pomwe. Mukadzalowa mu saluni ya alamu anga, atsikana adzakumatulani kuti aone guluu wake."

"Nditengereni, mwina andilemba ntchito yoima pawindo."

"Ndiye munabwereranji kwenikweni? Kudzatitukwanira mitengo?"

"Kudzaona zimene ndikufuna kuona, paipi isanatsekeke. Zambiri ndapeza anagwetsa." Anaika lashi ija pambali pa kapu mosamala, ngati chinthu cha mwini. "Tasunthirani kuno, Madamu. Apa, pamaso panga penipeni. Kumbaliko mukungodzivutitsa."

Madamu ananyamula mpando wake wa pulasitiki, anazungulira tebulo, anakhala moyang'anizana naye. Kuwala kunali kumbuyo kwake tsopano, kolakwika. Chikope chakumanja chinali ndi kamzere ka guluu wouma, zopaka zija zitasungunuka ndi thukuta, chakumanzere chili ndi nsidze zake za ku koleji. Anafuna kuphimba mbali imodzi ndi dzanja, koma sanadziwe iti, ndiye anangosiya manja pamiyendo.

Loya anamuyang'ana. Anayamba diso lina, kenaka linzake, kenaka anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti nkhope yonse ikwane m'paipi yake. Sanaseke. Sanafulumire. Woperekera zakudya anabwera ndi kansalu kudzapukuta shuga, anaona mmene anthu akuluakulu awiriwo anakhalira, n'kubwerera nako.

"Tiyi wazizira," anatero Madamu patapita nthawi.

"Anali woipa kale. Musasunthe."